Rejekisi ikumeza mzere wonse m'malo motenga za mkati mwa mitengero

Funso: Ndine mlembi wa gulu la alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota. Ndili ndi fayilo ya mizere yambiri yooneka chonchi: `mpunga="Kilombero" matumba="12" malo="Dwangwa"`. Ndikufuna kutapa mawu a mkati mwa mitengero, aliwonse paokha, makamaka nambala ya matumba. Mu pulogalamu ya Notepad++ ndalemba rejekisi, pateni yosakira mawu, ya `".*"` koma ikudetsa kuchokera pa Kilombero mpaka pa Dwangwa ngati chinthu chimodzi. Kodi kompyuta yanga ndiyo yasokonekera?

Yankho: Ayi achimwene, kompyuta ilibe mlandu. Yachita ndendende zimene mwaituma, kungoti kanyenyezi kamene mwalembako ndi kadyera, ndipo kanapangidwa dala kuti kazitero.

Tiyeni tiyende nayo pulogalamuyo pang'onopang'ono pa mzere wanuwo. Imayambira kumanzere kufunafuna mtengero woyamba, ndipo imaupeza kutsogolo kwa K wa Kilombero. Kenako imafika pa `.*`. Kadonthoko kamaimira chilembo china chilichonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa: mtengero nawonso ndi chilembo, choncho kadontho kamauvomera monga momwe kavomerera K kapena 1. Kanyenyezi kamauza kadontho kuti kabwereze kambirimbiri momwe kangathere. Ndiye pulogalamu siima ikafika pa mtengero wotseka Kilombero. Imaupitirira, n'kumeza matumba, n'kumeza 12, n'kumeza Dwangwa ndi mtengero wake womaliza, mpaka mzere utatha. Ikatero m'pamene imakumbukira kuti pateni yanu ikufunabe mtengero umodzi kumapeto. Kutsogolo kulibenso kanthu, ndiye imabwerera m'mbuyo n'kulavula chilembo chimodzi. Chilembo chimene yalavulacho n'kukhala mtengero womaliza uja, pateni yakwanira, ntchito yatha. Mzerewo ukanakhala ndi mawu ena otsatira Dwangwa, ikanalavula chimodzichimodzi mpaka itakumana ndi mtengero, koma ukanakhalabe womaliza pa mzerewo, osati wachiwiri umene inu mumaufuna.

Mankhwala achangu ndi kuika mfunsiro pambuyo pa kanyenyezi:

```
"(.*?)"
```

Mfunsiro ukabwera pamenepa sutanthauza funso. Umatembenuza khalidwe la kanyenyezi kuti kakhale kaulesi. Tsopano pulogalamu ikapeza mtengero woyamba, imayamba yayesa osatenga chilembo n'chimodzi chomwe, n'kuona ngati chotsatira ndi mtengero. Si mtengero, ndi K, ndiye imatenga K monyinyirika n'kuyang'ananso. Imatero ndi zilembo zonse 9 za Kilombero, ndipo ikangoona mtengero imaima pomwepo. Kusaka kotsatira kumayambira pamene koyambako kwathera, motero mumapeza zinthu zitatu pa mzere uliwonse. Mikutiro yozungulirayo ntchito yake ndi kusunga za mkati zokha popanda mitengero. Ngati muli ndi Python pa laputopu yanu, mukhoza kudzionera nokha:

```python
import re
mzere = 'mpunga="Kilombero" matumba="12" malo="Dwangwa"'
print(re.findall(r'"(.*?)"', mzere))
```

Ikupatsani `['Kilombero', '12', 'Dwangwa']`. Mu Notepad++ onetsetsani kuti pa bokosi losakira mwasankha `Regular expression`, kenako dinani `Find All in Current Document`.

Ndikanatha kulekera pomwepa, koma mwanena kuti chimene mukufuna kwenikweni ndi nambala ya matumba, ndipo apa mpamene kaulesi kamagwetsa anthu. Ambiri akamva kuti `.*?` ndi yaulesi amaganiza kuti imasankha kachidutswa kakafupi kwambiri pa mzere wonse. Sizili choncho. Ulesi wake uli pa kumene imalekezera, osati pa kumene imayambira. Poyambira ndi pomwe paja, mtengero woyamba wa kumanzere, ndipo ngati zimene mwalemba kutsogolo kwake sizinakwanire, imapitiriza kutenga zilembo mpaka zitakwanira, ngakhale kudumpha mitengero ingapo.

Tiyerekeze mwaganiza kuti nambala ya matumba ndi ija imatsatiridwa ndi liwu loti malo, ndiye mwalemba `"(.*?)" malo`. Pulogalamu iyamba pa mtengero wa Kilombero, itenga zilembo 9 zija, ipeza mtengero. Kenako ifuna mpata ndi liwu loti malo. Mpata ulipo, m alipo, a alipo, koma chilembo chachitatu ndi t wa matumba, osati l. Siibwerera kukayambira pena. Imangouza kadontho kuti kameze mtengero umenewo n'kupita kutsogolo, ndipo kadontho kavomera popeza kamavomera chilichonse. Mtengero wotsekula 12 nawonso umezedwa chimodzimodzi. Pomaliza mupeza `Kilombero" matumba="12` pamene mumayembekeza `12`. Pateniyo ndi yaulesi ndithu, koma yatola zambiri ngati yadyera ija.

N'chifukwa chake ine pa mitengero sindikonda kudalira ulesi. Ndimamanga mpanda:

```
matumba="([^"\r\n]*)"
```

Kachigawo ka `[^"]` kakutanthauza chilembo chilichonse kupatula mtengero. Kanyenyezi kotsatira ndi kadyera komwe kaja, koma dyera lake lilibenso kolowera, chifukwa kakafika pa mtengero sikangaumeze zivute zitani. Mukaika mpandawu mu chitsanzo chija cha malo, kuyesa koyambira pa Kilombero kumalephereratu pa t uja, pulogalamu n'kukakamizika kusuntha poyambira mpaka itafika pa mtengero wotsekula 12. Komabe chabwino koposa ndi chimene ndalemba pamwambapo, kutchula `matumba=` kutsogolo, kuti poyambira pasakhale pongoganizira.

Mwaona kuti mkati mwa mpandawo ndawonjezeramo `\r\n`. Musazichotse. Kadontho, mwachibadwa chake, sikadutsa pothera mzere pokhapokha mutachonga kabokosi ka `. matches newline` mu Notepad++ kapena kuika `re.DOTALL` mu Python. Koma `[^"]` payokha imadutsa, chifukwa pothera mzere si mtengero. Ngati amene ankalemba pa foni anaiwala kutseka mtengero wa Dwangwa pa mzere umodzi, pateni ya mitengero yonse yopanda `\r\n` idzatsika ku mzere wotsatira n'kuphatikiza malo a mlimi uyu ndi chiyambi cha mzere wa mnzake. Mafayilo olembedwa pa Windows amathera mzere ndi zizindikiro ziwiri, `\r` ndi `\n`, pomwe a pa Android ndi Linux kawirikawiri amathera ndi `\n` yokha, ndiye kuzilemba zonse ziwiri kumakutetezani mbali zonse.

Pali kanthu kena kamene ndikuganiza kuti mukumana nako, popeza si mlimi aliyense amene anabweretsa mpunga tsiku limenelo. Mzere wina ukhala ndi `matumba=""`, wopanda nambala. Musakopeke kusintha kanyenyezi n'kuika `+`. Chizindikiro cha `+` chimalamula kuti patengedwe chilembo chimodzi kapena kuposa, ndiye `".+?"` ikafika pa mitengero iwiri yogundizana, imameza wachiwiriwo ngati chilembo chake chimodzicho n'kupitirira mpaka mtengero wotsekula Dwangwa. Kuchokera pamenepo zonse za pa mzerewo zimasokonekera, zotseka kusanduka zotsekula. Kanyenyezi kamalola kuti mkati mukhale mopanda kanthu, ndipo ndi zimene mukufuna.

Nanga mudziwa bwanji kuti zalakwika pamene mizere ndi yambiri yoti simungaiwerenge yonse ndi maso? Ine ndimachita ziwiri. Choyamba ndimadina `Count` pa bokosi losakira lomwelo. Ngati fayilo ili ndi mizere 200 ndipo uliwonse uli ndi matumba kamodzi, pateni ya matumba iyenera kupeza 200 ndendende, ndipo ya mitengero yonse ipeze 600. Nambala ikachepa, pali mzere wolumala kapena pali pamene zinthu ziwiri zamezedwa pamodzi. Chachiwiri ndimayang'ana mu zimene zatuluka ngati muli `=` kapena mtengero. Dzina la mpunga kapena la mudzi silikhala ndi zizindikiro zimenezi, choncho zikaoneka ndiye kuti pateni yalumpha malire. Zikapezeka kuti mizere ina sikugwidwa n'komwe, ikuzeni zilembo muone mitengero yake. Makiyibodi ena a pa foni, ngakhalenso Word, amasintha `"` woongoka kukhala `“` ndi `”` opindika, ndipo kwa rejekisi zimenezi ndi zilembo zina zosiyana kotheratu.

Pa matagi a HTML nkhani yake ndi yomweyi, kungoti pali pamene kaulesi kamapambana mpanda. Tengani `<b>Kilombero</b> ndi <b>Faya</b>`. Pateni ya `<b>(.*)</b>` idzatenga kuyambira Kilombero mpaka Faya pamodzi ndi matagi a pakati, pomwe `<b>(.*?)</b>` idzapereka awiriwo aliyense payekha. Mpanda wa `<b>([^<]*)</b>` nawonso ugwira ntchito apa. Koma mkati mwa tagi mukakhala tagi ina, monga `<b>mpunga <i>wabwino</i></b>`, mpanda umaima pa `<i>` n'kulephera kupeza kanthu, pomwe yaulesi ija imadutsa bwinobwino mpaka `</b>`. Chifukwa chake n'chakuti chotsekera pano si chilembo chimodzi ngati mtengero, ndi zilembo zinayi zotsatana. Tagi ikakhala mkati mwa inzake ya dzina lomwelo, monga `<div>` mkati mwa `<div>`, zonse ziwiri zimagwa, popeza yaulesi idzaima pa `</div>` woyamba amene ndi wa ya mkati. Mukafika pamenepo isiyeni rejekisi, mugwiritse ntchito chowerengera matagi chenicheni, monga `html.parser` kapena `xml.etree.ElementTree` zimene zimabwera kale ndi Python.

Dziwaninso kuti mfunsiro waulesiwu si paliponse pamene umamveka. Notepad++, Python ndi JavaScript zimaudziwa, koma `sed` ndi `grep -E` za pa Linux siziudziwa, pokhapokha mutagwiritsa ntchito `grep -P`. Mpanda wa `[^"]*` umagwira konseko.

Musanadine `Replace All`, sungani kope la fayiloyo pambali. Ine ndinaphunzira izi movutika ndikuthandiza mayi wina wa golosale ku Salima kukonza mndandanda wa katundu wake. Ndinkafuna kufufuta chigawo choyamba chokha pa mzere uliwonse, koma ndinagwiritsa ntchito pateni yadyera, ndinasunga fayilo n'kutseka pulogalamu ndisanayang'ane. Mitengo yonse inapita limodzi, ndipo tinakhala mpaka usiku tikuikoperanso kuchokera m'kope lawo la pamanja. Inu yambani ndi `Mark All` pa tabu ya `Mark`, muone ndi maso zimene zadetsedwa pa mizere khumi yoyamba, pa ina ya pakati, ndi pa umodzi umene mukudziwa kuti matumba ake ndi opanda nambala. Pa mzere wanu uja payenera kudetsedwa `matumba="12"` pokha.