Mseru ndi zidzolo pa mankhwala a chifuwa chachikulu: apitirize kapena asiye?

"Amuna anga ndi msodzi kuno ku Makanjira. Anawapeza ndi chifuwa chachikulu, ndipo atha masabata 2 akumwa mapiritsi 3 mmawa uliwonse. Akamwa amachita mseru, thupi likuyabwa, mkodzo wafiira. Akuti azimwa limodzi lokha kufikira thupi litazolowera. Ndiwalole?"

Ayi mayi, musawalole. Piritsi lililonse lomwe akumwalo lili ndi mankhwala 4 ophatikiza: rifampisini, isoniyazidi, pirazinamayidi ndi ethambutolo. Nchifukwa chake pa paketi pamalembedwa RHZE. Amawapatsa potengera sikelo, moti munthu wa makilogalamu 50 amamwa 3, wa makilogalamu 60 amamwa 4. Gawo loyambali ndi la miyezi 2, kenako amayezanso makhololo nkuyamba miyezi 4 ya mankhwala 2 okha. Akamamwa piritsi limodzi, tizilombo tofooka timafa koma tolimba timatsala nkuswana, ndipo umo ndi momwe chimayambira chifuwa chosamva mankhwala.

Za mkodzo zisakudetseni nkhawa. Rifampisini amasandutsa mkodzo, thukuta ngakhale misozi kukhala zofiirira ngati fanta. Ife a m'mbali mwa nyanja tikaona choncho timathamangira kunena kuti ndi likodzo, koma likodzo limatulutsa magazi enieni, makamaka pomaliza kukodza, ndipo nthawi zina pamakhala ululu.

Mseru ndiye wofunika kuuyang'anitsitsa, chifukwa ulipo wa mitundu iwiri. Wamba umabwera patangopita kanthawi atamwa mankhwala, pofika masana watha, nsima akudya bwinobwino. Umenewu umachepa akamamwa mapiritsiwo pang'onopang'ono ndi madzi, atadya kaphala pang'ono kapena nthochi. Pewani chakudya chamafuta ambiri monga chambo chokazinga pa nthawi yomwera, chifukwa mafuta amachepetsa rifampisini wolowa m'magazi. Ena zimawayendera akamamwa usiku pokagona. Kwa msodzi wokhala pamadzi usiku wonse, "pokagona" ndi mmawa akabwera kunyanja, choncho gwirizanani ndi a kuchipatala nthawi imodzi yokhazikika.

Wina ndi mseru wochokera ku chiwindi. Mankhwala 3 mwa 4 aja, kupatula ethambutolo, amatha kuchitupitsa. Munthu amasanza mobwerezabwereza, chakudya sachifuna ngakhale chomwe amachikonda, amamva kuwawa kumanja pansi pa nthiti, amafooka kwambiri. Poti mkodzo wasintha kale mtundu, musadalire mkodzo. Atulutseni panja masana, kokerani chikope m'munsi, muone poyera pa diso. Pakakhala chikasu, asamwenso piritsi lina ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Musagule mankhwala a malungo pagolosale poganiza kuti ndi malungo. Ndinene mosapsatira: ngati amamwa kachasu kapena mowa uliwonse, miyezi 6 imeneyi ausiye, chifukwa ndi umene umakankhira chiwindi kuphompho. Mankhwala azitsamba nawonso ayambe adikira.

Pa khungu, funso ndi loti pali chiyani kupatula kuyabwako. Ngati akungoyabwa, popanda zotupa zofalikira, thupi silikutentha, mankhwala amapitirira. Kuchipatala amapereka piritoni, ndipo kudzola mafuta kumathandiza khungu louma. Piritoni amagonetsa, ndiye asamwe akupita kukakwera bwato. Koma zidzolo zikatuluka nkumafalikira, akaonedwe msanga asanamwenso. Thupi likatentha, maso akafiira, milomo ndi mkamwa zikachita zilonda, kapena pakatuluka matuza khungu nkumasupuka, pamenepo ndi pothamanga, ngakhale usiku. Amenewo ndi matenda ogonekedwa nawo, mwina mpaka pa chipatala chachikulu pa boma.

Popita, nyamulani khadi lawo ndi mankhwala onse omwe ali m'nyumba. Ngati amamwa ma ARV ndi bakitirimu, dziwani kuti bakitirimu nayenso amatulutsa zidzolo, ndipo adokotala sangadziwe wolakwa ngati sanaone zonse.

Tiyerekeze kuti pa tsiku la 16 bambowo achita chikasu. Adokotala amaimitsa mankhwala onse nkuyeza magazi a chiwindi. Ngati akudwalika kwambiri, amawapatsa ena osavutitsa chiwindi podikira. Chikasu chikatha, amabwezera limodzilimodzi, kawirikawiri kuyambira rifampisini, patapita masiku 3 mpaka 7 isoniyazidi, akuyang'ana ngati vutolo likubwerera. Nthawi zambiri pirazinamayidi samubwezeranso, ndipo zikatero mankhwala amatalika kufika miyezi 9. Izi sizingachitike kunyumba, chifukwa mapiritsi muli nawowo ndi ophatikiza, simungachotsemo mtundu umodzi.

Malinga ndi zomwe mwalemba, za amuna anu zikuoneka ngati zovuta wamba. Komabe sindinawaone, ndiye mawa apite kwa mlangizi wa zaumoyo kapena pachipatala cha Makanjira, akawaone maso ndi khungu. Akafunsenso vitamini B6, yemwe amateteza mapazi ku dzanzi ndi kutentha kobwera ndi isoniyazidi.