Za chaputala cha njira zofufuzira: pamene manambala ndi mawu a ophunzira amakumanirana

"Ndikufufuza za chidwi cha ophunzira pa maphunziro m'masekondale a ku Mulanje. Ndili ndi pepala la mafunso komanso ndidzacheza ndi ophunzira, koma asupavaiza akuti chaputala changa sichikuonetsa kuphatikiza njira. Ndikonze pati?"

Achemwali, chimene akufuna kuona ndi malo amene zotsatira za pepala la mafunso zikulamula zochitika pocheza ndi ophunzira. Lembani momveka kuti mudzayamba ndi manambala, mudzawasanthula, ndipo macheza adzabwera pambuyo kudzafotokoza zimene manambalawo aonetsa koma osanena chifukwa chake.

Tiyerekeze kuti mwasankha sukulu zinayi, ziwiri za CDSS ndi ziwiri zogonera komweko, ndipo pa sukulu iliyonse mwatenga ophunzira 60 a Fomu 3, onse pamodzi 240. Fomu 3 ndiyabwino chifukwa a Fomu 4 mtima wawo wonse uli pa MSCE, ndiye mungayeze mantha a mayeso m'malo mwa chidwi. Mukagwiritsa ntchito sikelo yoyezera chidwi pa maphunziro ya Vallerand ndi anzake ya 1992, yomwe ili ndi mafunso 28 m'magulu asanu ndi awiri, mudzatha kusiyanitsa wophunzira amene amakonda phunzirolo, amene akungofuna satifiketi ndi amene sakuonanso chifukwa chopitira kusukulu. Kenaka pa sukulu iliyonse tengani anayi, awiri a chidwi chochuluka ndi awiri a chidwi chochepa, mtsikana ndi mnyamata mbali iliyonse, kuti mucheze ndi ophunzira 16. Ndime yofotokoza kasankhidwe kameneka ndiyo mtima wa chaputala chonse, ndipo nenaninso kuti mafunso a machezawo mudzawamaliza mukaona manambala.

Apa pali msampha. Simungawapezenso 16 aja ngati mapepala alibe chizindikiro chilichonse, choncho aliyense apatsidwe nambala, mndandanda wa mayina muusunge nokha padera, ndipo zimenezi zilembedwe pa kalata ya chilolezo imene makolo a ana osakwana zaka 18 adzasaine. Aphunzitsi asakhale m'kalasi poyankha, chifukwa mwana sangachonge kuti sukulu ikumutayitsa nthawi ahedi ataima pakhomo.

Mafunsowo mukawamasulira m'Chichewa, wina amene sanaone oyambirira awabwezere m'Chingerezi, muyerekeze, kenaka muwayese pa sukulu ina imene siili m'kafukufuku. Gulu la mafunso likapereka alufa ya Cronbach, nambala yoonetsa mmene mafunsowo akugwirizanirana, yochepera 0.7, yambani mwakayikira kamasuliridwe.

Ganiziraninso za nthawi. Dzinja, tiyi akachuluka m'maesiteti komanso kumunda kukakhala ganyu, ena sabwera kusukulu, ndipo ojombawo angakhale omwewo amene mukuwafuna. Lembani chiwerengero cha m'kaundula ndi cha amene anayankhadi, ndipo mukonze tsiku lobwereranso. Pa malire a kafukufuku vomerani kuti sukulu zinayi sizingaimire boma lonse la Mulanje. Kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro ya chigawo cha Shire Highlands itengeni musanakumane ndi ahedi.