Banki yatseka akaunti osanena chifukwa: dandaulo lipite kuti?

"Ndimagula soya kwa alimi ku Mchinji n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Mwezi watha kasitomala anandilipira K4,800,000 kudzera ku akaunti, ndipo patangopita masiku awiri khadi langa linayamba kukanidwa pa makina. Ku nthambi amangoti nkhani yanga ili ku likulu. Patha masabata atatu, kalata palibe. Ndikadandaule kwa yani?"

Pepani bambo. Amene amayang'anira mabanki m'dziko muno ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo malinga ndi lamulo la 2010 loyendetsera mabungwe a zachuma, Gavanala wa bankiyi ndiye Registrar of Financial Institutions. Kalata yanu ya dandaulo idzapita kwa iyeyu, ndipo kudandaula n'kwaulere. Koma musathamangire kumeneko mawa m'mamawa. Choyamba chomwe adzakufunseni n'chakuti kodi banki yanu munailembera, nanga inayankha zotani. Zoyankhulana pawindo sizisiya umboni.

Ndiye yambani ndi kalata ya tsamba limodzi yopita kwa manijala wa nthambi. Lembani dzina, nambala ya akaunti, tsiku lomwe khadi linakanidwa ndi ndalama zomwe zili momwemo. Sindikizani makope awiri, ina adinde chidindo cha tsiku n'kukubwezerani, ndipo pemphani nambala ya dandaulo. Apatseni malire a nthawi, mwachitsanzo masiku 14.

M'kalatamo musangofunsa kuti "mwatsekeranji?" Funsani kuti walamula ndani: banki yokha, khoti, kapena bungwe la boma? Yankho la funso limeneli ndi lomwe likuuzeni khomo loti mugogode. Ngati wina anakusumirani pa ngongole ndipo khoti linalamula kuti ndalama zigwidwe, Reserve Bank singafafanize chigamulocho. Muyenera kukapempha khoti lomwelo, kudzera kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau. Bungwe lotolera misonkho la MRA nalo lili ndi mphamvu yolamula banki kuti ipereke ndalama za munthu amene ali ndi ngongole ya msonkho, ndipo bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB limatha kuletsa kuti chuma chomwe likufufuza chisakhudzidwe. Zikakhala choncho pamakhala chikalata, ndiye pemphani nambala yake ndi tsiku lake.

Koma mmene mwafotokozeramu, ine ndikuganiza kuti vuto ndi K4,800,000 ija. Akaunti yomwe imazolowera kulandira ndalama zochepa ikangolandira mamiliyoni tsiku limodzi, makompyuta a banki amaika chizindikiro. Lamulo la 2017 lothana ndi milandu ya zachuma limakakamiza banki kudziwa gwero la ndalama za kasitomala ndi kukanena ku bungwe lofufuza za ndalama zokayikitsa la Financial Intelligence Authority ikakayikira. Lamulo lomwelo limaletsa wogwira ntchito ku banki kukutsinani khutu kuti akakunenani. N'chifukwa chake wogwira ntchito pawindo amangoyang'ana pa kompyuta n'kunena za ku likulu. Nthawi zina si mwano, pakamwa pake mpomangidwa. Musadikire kuti akufunseni. Phatikizani pa kalata ija umboni wa malonda: invoisi, malisiti a sikelo osonyeza matumba ndi makilogalamu, chiphaso chogulira mbewu, ndi kalata ya wogulayo yotsimikiza kuti ndalamazo n'za soya. Onaninso chiphaso chanu cha unzika, chifukwa chikatha ntchito mabanki amatha kuimitsa akaunti mpaka mutakonza.

Masiku aja akatha osayankhidwa, kapena yankho likakhala lozemba, lemberani Registrar. Kalata mutha kukasiya ku likulu la Reserve Bank ku Lilongwe kapena ku nthambi zake ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Fotokozani motsata masiku: ndalama zinalowa liti, khadi linakanidwa liti, munapita kangati ku nthambi, munalemba liti. Ikanimo kopi ya kalata yodindidwa ija, sitetimenti ya miyezi itatu, kopi ya chiphaso ndi umboni wa malonda. Zikalata zenizeni sungani kunyumba, ndipo nambala yachinsinsi ya khadi musailembe paliponse.

Ambiri amalakwitsa pomaliza kalata: amadzaza masamba ndi mkwiyo, osanena chomwe akufuna. Inu nenani kuti banki ionetse lamulo kapena chikalata chomwe yagwiritsa ntchito, itsegule akaunti ngati palibe, ibweze ndalama zomwe yadula pa nthawi yomwe akaunti inali yotseka, ndipo ngati ikukayikira K4,800,000 yokha, imasule zotsalazo. Registrar amafunsa banki mbali yake asanagamule, choncho tsatirani nkhaniyo ndi nambala yomwe akupatseni. Ngati alimi akukuvutitsani kapena mwaluza malonda, sungani umboni wake, poti chipukuta misozi chachikulu nthawi zambiri chimakafunidwa ku khoti.

Podikira, musauze makasitomala kuti azilipira ku akaunti ya mlamu wanu, kapena kuti aziduladula ndalama m'tizigawo kuti zisaoneke. Ofufuza akaona zimenezo amati mukubisa kanthu, ndipo akaunti ya mlamuyo ikhoza kutsekedwanso.