Chiwongolero cha Sienta chikulimba pa siteji: kusiyana kwa sitelingi ya mafuta ndi ya magetsi

Funso: Kale ndinkayendetsa Hilux, pano ndili pa Sienta ya matola pakati pa Nchalo ndi Ngabu. Masana ndikamatembenuza galimoto pa siteji, chiwongolero chimalimba, koma ndikalowa mu msewu chimakhalanso bwino. Ndafufuza kathanki ka mafuta a sitelingi kuti ndiwonjezere, sindikukaona. Chavuta n'chiyani?

Yankho: Achimwene, kathankiko musakafunenso, mulibe. Hilux imene munazolowera imakuthandizani kukhota ndi mphamvu ya mafuta, pomwe Sienta imakuthandizani ndi mota ya magetsi. Zonse ziwiri zimayambira pa kachitsulo kamodzi kowonda kamene kali mkati mwa shafuti ya chiwongolero. Mukapotoza chiwongolero matayala akukana, kachitsuloko kamapotoka pang'ono, ndipo kupotokako ndi kumene kumasonyeza kuti dalaivala akufuna thandizo lochuluka bwanji. Zimasiyana pa chimene chimachitika kachitsuloko kakapotoka.

Pa Hilux, injini imazungulitsa pampu kudzera pa lamba. Pampuyo simapuma. Ngakhale muli pa msewu woongoka, mafuta amangozungulira n'kubwerera m'kathanki. Kachitsulo kaja kakapotoka kamatsegula valavu, mafuta n'kukankha pisitoni mbali imodzi, ndipo matayala amatsatira. N'chifukwa chake matenda a sitelingi ya mafuta amamveka ndi khutu ndiponso amaoneka ndi maso: mafuta akachepa pampu imalira, mpweya ukalowa mafuta amachita thovu, lamba akanyowa powoloka madzi amaterera n'kulira, chiwongolero n'kulimba kwa kanthawi. Mukachikhotetsa mpaka pothera n'kuchigwira pomwepo, mafuta amatentha msanga, choncho musapitirire masekondi ochepa.

Pa Sienta palibe pampu, payipi kapena mafuta. Sensa imayeza kupotoka kwa kachitsulo kaja n'kutumiza uthenga ku kakompyuta ka sitelingi. Kakompyutako kamaonanso liwiro la galimoto, kenako kamapereka magetsi ku mota yomangiriridwa pa shafuti, pansi pa dashibodi. Galimoto ikaima thandizo limakhala lalikulu, ikathamanga limachepa dala kuti chiwongolero chisapepuke kwambiri. Mukuyenda moongoka motayo imatenga magetsi ochepa zedi, ndipo apa ndi pamene galimotoyi imapulumutsira petulo. Koma mukamapotoza matayala galimoto itaima, imakoka ma ampiya makumi angapo nthawi imodzi, kuposa nyale zonse za galimoto pamodzi.

Ma ampiya ochuluka chotero amatenthetsa mota ndi kakompyuta. Kuti zisapse, kakompyutako kamachepetsa thandizo pang'onopang'ono, ndipo inu mumamva ngati chiwongolero chikulemera. Zikazizira, thandizo limabwerera lokha. Tsono ganizirani za siteji mu Okutobala, kutentha kwa kuno kuchigwa kutafika madigiri 40, galimoto yakhala pa dzuwa, yadzaza anthu ndi matumba, matayala ali mu mchenga, inu mukupotoza uku ndi uko galimoto isakusuntha. Nthawi zambiri sikuti chaonongeka kanthu, kakompyuta kakungodziteteza. Chizindikiro chake n'chakuti kulimbako kumabwera pang'onopang'ono, nyale yochenjeza za sitelingi, yolembedwa P/S, siyaka pa dashibodi, ndipo mukasiya kupotoza kwa mphindi ngati 10 zonse zimabwerera m'malo. Mankhwala ake ndi kayendetsedwe: lolani galimoto isunthe pang'ono musanayambe kukhota, ndipo musakakamize chiwongolero pothera.

Komabe ine sindingakhutire ndi zimenezi musanayeze magetsi, chifukwa batire yofooka imabweretsa kulimba kofanana, ndipo kutentha kwa kuno kumatha mabatire msanga. Pezani mita yoyezera mavoti, muike pa mitu iwiri ya batire. Injini itazima kwa maola angapo, batire yabwino imasonyeza pakati pa 12.4 ndi 12.6. Mukaliza injini, mita iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Kenako yatsani nyale ndi fani, mnzanu apotoze chiwongolero galimoto itaima, inu maso pa mita.

Tiyerekeze kuti mwapeza 12.1 injini itazima, 13.8 ikulira, koma mnzanu akangopotoza imagwa kufika 11.5 ndipo nyale zikuzilala. Zimenezi zikutiuza kuti alitaneta ikutchaja, koma injini ikamalira pang'onopang'ono siyitha kukwaniritsa zimene mota ikufuna, ndipo batire imene ikanathandiza yatopa. Kakompyuta kakaona mavoti atsika kamachepetsa thandizo. Mukalowa mu msewu injini imathamanga, alitaneta imapereka zambiri, mota nayo ikufuna zochepa, ndiye vutolo limabisala. Musanagule batire, masulani mitu yake, mupale zoyera zimene zimaundana pa mituyo mpaka mtovu uwale, mumange zolimba, muonenso waya wokhuthala wochoka ku batire kupita ku bodi. Mutu wogwedera umapusitsa anthu ambiri. Ngati injini ikulira koma mita sikupitirira 13, vuto lili pa alitaneta kapena lamba wake. Lambayo sazungulitsa sitelingi monga pa Hilux, koma akaterera magetsi amachepa, chiwongolero n'kulimba.

Magetsi akakhala bwino, onani mpweya wa matayala akutsogolo m'mawa asanatenthe, molingana ndi kapepala kamene kamamatidwa pa mphuthu ya chitseko. Tayala lofewa limakakamira pansi, mota n'kumagwira ntchito yoposa muyezo. Kenako kwezani kutsogolo ndi jeke, muchirikize bwino kuti matayala onse awiri alendewere, ndipo mupotoze chiwongolero injini itazima. Chiyenera kuyenda mofanana kuchokera mbali ina kufika ina. Chikamagwira malo ena n'kumasuka, kugwiranso n'kumasuka, kayikirani kajointi ka mtanda ka pa shafuti yotsikira ku matayala. Magalimoto amene amawoloka madzi ndi matope m'nyengo ya dzinja amachita dzimbiri pamenepo, komanso m'mabolojointi amene labala wake wang'ambika. Vuto lotere mota imalibisa kwa miyezi, ikumalimbana nalo mpaka kutentha.

Nyale ya P/S ikayaka n'kukhalabe choyaka, ndiye nkhani ina. Kakompyuta kaona cholakwika, ndipo nthawi zambiri kamadula thandizo lonse. Chiwongolero chimagwirabe ntchito chifukwa shafuti ndi yolumikizana ndi matayala, koma chimalemera kwambiri, choncho musakwere nayo mapiri a Thabwa kupita ku Blantyre muli ndi anthu. Yambani ndi fyuzi yayikulu ya sitelingi m'kabokosi ka pafupi ndi injini, kenako pitani kwa makanika amene ali ndi makina owerengera makodi. Pa Toyota, C1511 imaloza ku sensa ya kupotoka, pomwe C1552 imaloza ku magetsi opita ku mota. Musalole kuti akugulitseni shafuti yonse khodi isanawerengedwe. Ndipo akasintha shafuti kapena kakompyuta, aumirizeni aikenso sensa pa ziro ndi makinawo, apo ayi chiwongolero chidzapepuka mbali imodzi n'kulemera mbali inayo.