Kanyali ka pa mita kaphethira ka 120 pa mphindi: ndi mayunitsi angati?

Kalata ya lero yachokera kwa bambo wina wa ku Salima, ndipo akuti:

“Achimwene, ndili ndi chigayo cha chimanga kufupi ndi Kamuzu Road, mota yake ndi ya makilowati 22, magetsi ndi a mafezi atatu. Pa mita palembedwa 400 imp/kWh ndipo pali tinyali tiwiri tofiira. Ndawerenga kamodzi, kaphethira ka 120 pa mphindi imodzi tikugaya. Mnzanga akuti ndichulukitse katatu poti mafezi ndi atatu. Kodi chigayochi chikudya mayunitsi angati? Ndikukayika kuti mitayi ikuthamanga.”

Bambo, zikomo polemba, ndipo mwachita bwino kutumiza manambala enieni. Choyamba, musachulukitse katatu. Mkati mwa mita yanuyo muli zoyezera zitatu, chilichonse pa fezi yake, ndipo mita imayamba yaphatikiza zonse zitatu isanayatse kanyaliko. Kuphethira kumodzi ndi kachidutswa ka magetsi a chigayo chonse, osati a waya umodzi. Mnzanuyo sanalankhule zopanda mutu, chifukwa amene amayeza ndi mita yopanira pa waya amayezadi waya umodziumodzi kenako n’kuwerengetsera mafezi onse. Koma ntchito imeneyo mita ya pakhomayi yagwira kale.

Tsono tione mawu olembedwawo. 400 imp/kWh akutanthauza kuti kanyali kakaphethira ka 400, yunitsi imodzi yapita. Yunitsi imene mumalipira ija ndiyo kWh. Zili ngati chitini choyezera ufa: mukadziwa kuti zitini 400 zimadzaza thumba limodzi, mumangowerenga zitini n’kugawa.

```
kWh = kuphethira ÷ 400
120 ÷ 400 = 0.3 kWh
```

Pa mphindi imodzi ija chigayo chinadya 0.3 ya yunitsi. Ola lili ndi mphindi 60, choncho chikamagaya chomwecho osapuma, pa ola chidya mayunitsi 18. Kunena kwina, nthawi imeneyo chinkakoka makilowati 18. Mukafuna njira yogwira pa nthawi ina iliyonse, kaya mwawerenga masekondi 20 kaya 90, nayi:

```
kW = (3600 × kuphethira) ÷ (imp/kWh × masekondi)
(3600 × 120) ÷ (400 × 60) = 18
```

3600 ameneyu ndi masekondi a mu ola limodzi basi.

Kodi makilowati 18 ndi omveka pa mota ya 22? Ndi omveka ndithu. Nambala ya pa chikwangwani cha mota ndi mphamvu imene motayo ingapereke ikalemedwa mokwanira, ndipo chigayo sichikhala cholemedwa chomwecho nthawi zonse. Mukanatsata mawu a mnzanu mukanapeza makilowati 54, ndipo mota ya 22 ikanakoka zotero ikanazimitsa chotetezera chake kapena kununkha kupsa musanamalize ndowa yoyamba. Chizolowezi chimenechi ndimachikonda: mukapeza yankho, liyerekezeni ndi chikwangwani cha makina musanalikhulupirire. Wamagetsi wanu akabwera ndi mita yopanira, ayenera kupeza maampu pafupifupi 31 pa waya uliwonse. Kuno kwathu pakati pa fezi ndi fezi pamayenera kukhala mavoti 400, ndipo 1.732 kuchulukitsa ndi 400, ndi 31, ndi 0.85 imene timayerekezera pa mota yolemedwa bwino, zimabwera pa mawati 18,000 ndi kupitirirako pang’ono. Apa ndi pamene 1.732 wa mafezi atatu amagwira ntchito, powerengetsera kuchokera ku maampu. Pa kuphethira alibepo malo.

Chimene sindingakutsimikizireni ndili kuno n’chakuti munawerenga kanyali koyenera. Yandikirani muone zolembedwa pambali pa kanyali kalikonse. Kamene tikufuna ndi kolembedwa kWh. Kachiwiriko, pa mamita ambiri a bizinesi, kamalembedwa kvarh, ndipo kamawerenga magetsi amene mota imakoka popanga maginito n’kuwabweza, osagaya nawo chimanga. Pa mamita ena kanyali kachiwiriko ndi kochenjeza chabe. Mota ikamazungulira yopanda chimanga, ka kvarh katha kuthamanga kuposa ka kWh, ndipo munthu wowerenga kolakwika amapita kunyumba mtima uli m’mwamba. Yang’ananinso kalembedwe: mamita ena amalemba motembenuza, mwachitsanzo 2.5 Wh/imp. Pamenepo simugawa koma mumachulukitsa, 120 ndi 2.5 kupereka 300 Wh, yomwe ndi 0.3 kWh yomwe ija.

Pa kawerengedwe, kuphethira kawiri pa sekondi n’kofulumira, makamaka m’chigayo momwe muli phokoso ndi fumbi la ufa. Khalani awiri, wina agwire foni ya nthawi, wina awerenge. Yambitsani nthawi pamene kanyali kaphethira, ndipo kuphethira koyambako musakuwerenge, kuwerenga kuyambe pa kotsatira. Mukalakwitsa kamodzi pa 120 simunataye kanthu, sizifika ngakhale 1 pa 100. Koma mukangowerenga 10 n’kulakwitsa kamodzi, yankho lonse lapotoka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Maso akamalephera, jambulani kanema pa foni, mukawerenge mwapang’onopang’ono kunyumba.

Tsopano pamene anthu ambiri amapunthwa ndi potenga mphindi imodzi kukhala mwezi wonse. Munthu amati makilowati 18, maola 8 pa tsiku, ndiye kuti mayunitsi 144, kenako akaona mita ikunena zina amati yaonongeka. Inu mukudziwa mmene tsiku la chigayo limayendera. M’mawa amayi ali pa mzere ndi ndowa zawo, masana kuli zii, wogayitsa wasiya mota ikuzungulira podikira mayi amene akupeta panja. Werenganinso mota ikuyenda yopanda kanthu. Tiyerekeze mwapeza 30 pa mphindi: ndiwo makilowati 4.5. Ngati pa tsiku mwagaya maola 5 enieni ndipo maola 2 mota yangolira, ndi 90 kuphatikiza 9, mayunitsi 99. Mayunitsi 9 amenewo apita opanda ufa, ndipo pa masiku 26 a ntchito akwana 234. Kwa ine apa ndi pamene kanyalika kamathandiza kwambiri mwini chigayo, chifukwa manambala a pagalasi la mita amangokuuzani zonse pamodzi, pamene kanyali kamakuonetsani mphindi imene magetsi akutayika. Muthanso kudziwa mtengo wa thumba: ngati thumba la makilogalamu 50 litenga mphindi 5 pa liwiro la 120, ndi kuphethira 600, yunitsi imodzi ndi theka. Yesani masefa ali atsopano, mudzayesenso nyundo zikatha, mudzaona nambala ikukwera.

Pali kuchulukitsa kwinanso kumene kumaloledwa, ndipo ndikufuna ndikufotokoze chifukwa owerenga ena ali ndi malo akuluakulu. Mita yanu ikuoneka kuti ndi ya mtundu umene mawaya akuluakulu amalowa mwachindunji. Mutsimikize poona pamene palembedwa maampu: ngati pali nambala yaikulu monga 100 A, ndi yomweyo, ndipo masamu athera pamwambapa. Koma ngati palembedwa 5 A popanda nambala yaikulu yotero, mitayo imalandira magetsi kudzera mu timathiransifoma tooneka ngati zibangili tovekedwa pa mawaya, totchedwa CT. Tikalembedwa 200/5, ndiye kuti pa maampu 200 a mu waya mita imaona 5 okha, gawo limodzi mwa magawo 40.

Ndinakumana nazo pa chigayo china cha mpunga ku Nkhotakota, nthawi yokolola, matumba ataunjikana mpaka pakhomo. Mwini wake anandionetsa kope momwe anawerengetsera ndi pensulo. Mita yake inalembedwa 10000 imp/kWh, anawerenga 75 pa mphindi, anagawa bwinobwino n’kupeza makilowati 0.45. Anadabwa, chifukwa mphamvu imeneyo siifika ngakhale pa ya ayironi yositira zovala, pamene makina ankanjenjemeretsa nyumba yonse. Masamu ake analibe vuto, chimene chinasowa ndi 40 wa pa CT.

```
75 ÷ 10000 = 0.0075 kWh
0.0075 × 40 = 0.3 kWh pa mphindi = 18 kW
```

Pa mamita oterewa chenjerani ndi kuchulukitsa kawiri. Ena anaikidwa kale nambala ya CT mkati, kotero kuti galasi limaonetsa mayunitsi enieni pamene kanyali kakutsatabe magetsi ang’onoang’ono olowa mu mita. Njira yodziwira ndi kuwerenga kuphethira pakati pa kusintha kuwiri kwa nambala yomaliza ya pagalasi. Mu chitsanzo cha ku Nkhotakota, yunitsi yathunthu ikamakwera pagalasi pa kuphethira 250 kulikonse, ndiye kuti galasi lachulukitsa kale, chifukwa 10000 kugawa ndi 40 ndi 250. Nambala ya CT kawirikawiri imalembedwa pa bokosi kapena pa bilu, ndipo ngati siikuoneka funsani a ESCOM. Musatsegule bokosi lomatidwa kuti mukaione. Kudula chidindo ndi mlandu, komanso waya wa CT ukamasuka makina akuyenda pamabuka mavoti otha kupha munthu.

Ndafika pa nkhawa yanu yakuti mita ikuthamanga. Kuyerekeza kanyali ndi galasi sikungayankhe funso limeneli, popeza zonse ziwiri zimachokera ku choyezera chimodzi, ndipo chikalakwa zimalakwira limodzi. Pamafunika chinthu chimene mphamvu yake mukuidziwa kale. Madzulo mukaweruka, zimitsani zonse, ndi mababu omwe. Kanyali kayenera kuima. Kakamapitirizabe, pali china chikudya magetsi, mwina waya wopita ku shopu yoyandikana umene unaiwalika, ndipo muyambe mwafufuza chimenecho. Kakaima, lumikizani ketulo ya mawati 2000 yodzaza madzi. Makilowati 2 pa mita ya 400 ndi kuphethira 800 pa ola, kutanthauza kamodzi pa masekondi 4.5 alionse, kapena ka 20 pa masekondi 90.

Musayembekeze kuti zigwirizana ndendende. Ketulo imakoka mawati ake pa mavoti 230, ndipo magetsi akafooka kufika pa 210, monga zimachitikira madzulo anthu akamaphika, imangokoka pafupifupi 1670, ndiye kuphethira 20 kutenga masekondi 108 m’malo mwa 90. Zimenezo si vuto la mita. Mita yolembedwa Class 1 imaloledwa kuphonya ndi 1 pa 100, ndipo ketulo siingaone kuphonya kochepa chotero. Chimene ingagwire ndi vuto lalikulu, monga kuphethira 20 kutha pa masekondi 60. Ngati muli ndi masoketi pa fezi iliyonse, yesani ketulo yomweyo pa onse atatu motsatizana, ndipo nthawi ziyenera kufanana kapena kuyandikana. Fezi imodzi ikasiyana kwambiri ndi zinzake, kapena kanyali kakangoti duu ketulo ikuwira, lembani tsiku, nthawi ndi manambala onse atatu, mupite nawo ku ofesi ya ESCOM ku Salima mukapemphe kuti adzayeze mitayo ndi zida zawo.