Amalume, rimoti imeneyo musaibweze kaye

Amalume analemba pagulu la banja:

"Chikondi, rimoti ya tivi yathu ija inasowa. Dzulo ndagula ina kumsika, wogulitsayo akuti imagwira tivi iliyonse, koma ndikadina palibe chikuchitika. Pakapepala kake dzina la tivi yathu palibenso. Ndikaibweze? Anawa akuti foni imatha kukhala rimoti, n'zoona?"

Yankho la Chikondi, uthenga wa mawu:

Amalume, mwaswera bwanji, moni kwa onse kumeneko. Ndati ndingojambula mawu chifukwa kulemba zitalika. Musaibweze kaye ayi. Wogulitsayo sananame kwenikweni, kungoti marimoti amenewa sayamba kugwira akangotuluka m'pepala. M'kati mwake muli nambala zambirimbiri, iliyonse ya mtundu wake wa tivi, ndiye ntchito yathu ndi kupeza nambala imene tivi yanuyo imamva. Tikaipeza, basi zatha.

Koma tiyambe taona ngati rimotiyo ili moyo. Ikani mabatire atsopano onse awiri, osasakaniza latsopano ndi lakale lochotsa mu tochi, ndipo muone kuti mbali ya + yalowa koyenera. Kenako tengani foni, tsegulani kamera, mulozetse mutu wa rimoti ku kamerayo, paja pali kagalasi kakang'ono ngati kababu. Dinani batani lililonse mukuyang'ana pa sikirini ya foni. Rimoti ikakhala yabwino muona kababu kaja kakuthwanima moyererako kapena mofiirira. Maso athu kuwala kumeneko sakuona, amakutcha infuraredi, koma kamera ya foni imakuona. Ngati kamera yakumbuyo sikuonetsa kanthu, yesani yakutsogolo yojambulira nkhope ija, chifukwa mafoni ena kamera yakumbuyo imatchinga kuwalako. Mukayesa makamera onse awiri, mabatire ali atsopano, koma osathwanima, imeneyo nde mukabweze ndithu, ndi yakufa.

Ikathwanima, tipitirize. Yatsani tivi ndi batani la pa tivi pomwepo. Mativi opyapyalawa batanilo amalibisa, mupapase pansi pakatikati pamene pali dzina, kapena kumbuyo chakumbali. Tiviyo iyake zenizeni, izionetsa chithunzi kapena sikirini ya buluu ija, osati kungoyaka kanyale kofiira kokha. Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira nthawi, amafufuza nambala tivi ili m'tulo, ndiye olo nambala yolondola idutse sangadziwe. Mukhale pafupi, mita imodzi kapena awiri, molunjika. Kadiso ka tivi kolandirira kamakhala m'munsi, pafupi ndi kanyale kaja. Ngati pali nsalu yoyala, maluwa kapena dikoda yaima patsogolo pake, sunthani. Ngati dzuwa likulowera pawindo n'kumamenya pomwepo, kokani katani, limasokoneza.

Tsopano poti dzina la tivi yanu pakapepalapo palibe, njira yolemba nambala tiisiye, tigwiritse yofufuza. Marimoti ambiri a kumsikawa ali ndi batani lolembedwa SET, ena SETUP, kawirikawiri pamwamba pafupi ndi kanyale kofiira. Ngati rimotiyo ili ndi mzere wa mabatani a TV, DVD, SAT, muyambe mwadina TV. Ndiye mudine SET osasiya kwa masekondi angapo, mpaka kanyale kayake kapena kayambe kuthwanima. Ena amafuna mugwire SET n'kudinanso POWER, ena amangofuna mugwire POWER yekha. Kapepalako kali ndi kachigawo kolembedwa Auto Search, muuze mmodzi mwa anawo akuwerengereni mizere imeneyo, kapena mukajambule munditumizire pompano ndikuuzeni batani lenileni.

Kanyale kakayamba kuthwanima, ndiye kuti rimoti yayamba kutumiza nambala imodzi imodzi, ikangodikira pang'ono n'kupita kwina. Inu dzanja lisagwedere, izilozabe ku tivi, ndipo maso akhale pa tivi osati pa rimoti. Mukudikira chimodzi mwa zinthu ziwiri, malinga ndi mtundu wa rimoti: mwina mzere wa voliyumu utulukira pa sikirini wokha, mwina tivi ithima yokha. Chikangochitika chimenecho, dinani SET nthawi yomweyo, kapena ngati ndi ija yogwira batani osasiya, siyani nthawi yomweyo. Chala chikhale chili pabatanipo kale.

Apapa ndibwerezepo, amalume, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Rimotiyo sidziwa kuti tivi yayankha. Iyo imangotumiza, simva chobwerera. Ndiye mukachedwa ndi masekondi awiri okha, imakhala yadumphira kale pa nambala yotsatira, inu mukadina SET imasunga yolakwikayo. Chizindikiro chake ndi ichi: munaona ndi maso anu voliyumu itatuluka, koma mutamaliza palibe batani likugwira. Zikatero sikuti rimoti ndi yoipa, nambala yanu ilimo, mwangoipitirira. Marimoti ena amalola kubwerera m'mbuyo imodzi imodzi ndi VOL- kapena CH- mukadali m'kati mofufuza. Ngati yanu silola, yambiraninso, ulendo uno mukudziwa kale kuti zimachitika patapita nthawi yotalika bwanji. Ndipo musatope msanga, nambalazo ndi zambiri, kuzungulira zonse kumatha kudya mphindi khumi kapena kuposa. Dzanja likatopa, igonekeni rimotiyo patebulo italoza ku tivi.

Ikagwira, musathamangire kusangalala ndi voliyumu yokha. Yesani POWER, muzimitse n'kuyatsanso. Yesani MENU, mivi inayi ija ndi OK. Kenako yesani SOURCE, ena amalemba INPUT kapena AV. Kwa inu batani limeneli ndiye lofunika kuposa onse, chifukwa mumaonera pa dikoda, ndipo tsiku limene tivi idzachoke pa HDMI, khomo lolowera chithunzi cha dikoda, magetsi akathima n'kubwera, kapena mwana akakhudza, ndi batani limeneli lidzakubwezereni. Zimachitika kawirikawiri kuti nambala yoyamba kuyankha imagwira theka, voliyumu ndi POWER zikuyenda koma mukadina MENU ikusintha tchanelo, kapena muvi wakumwamba ukupita kumbali. Chifukwa chake n'choti makampani osiyana amagwiritsa zizindikiro zofanana pa mabatani ena, zosiyana pa ena. Imeneyo ndi nambala ya tivi ina yofananirako. Fufuzaninso, ikafika yoyamba ija muisiye idutse, mudikire yachiwiri kapena yachitatu, mpaka mupeze imene mabatani onsewa akuchita zolembedwa pa iwo.

Za dzina losowa pakapepala zisakudetseni nkhawa. Mativi ambiri otsika mtengowa m'kati amakhala ndi zipangizo zofanana zochokera ku mafakitale a ku China, dzina lapanjalo amangomata amene waitanitsa katunduyo. N'chifukwa chake tivi yanu itha kumvera nambala imene pakapepalapo yalembedwa pa dzina lina. Mukamaliza, kapepalako musataye, kapindeni mukamate ndi selotepi kumbuyo kwa tivi. Marimoti ena amaiwala nambala akakhala nthawi yaitali opanda mabatire, ndiye posintha mabatire muzichita mwachangu.

Nanga ngati mwazungulira kawiri konse, rimoti ikuthwanima pa kamera, koma tivi ili chete? Pali zotheka ziwiri. Mwina nambala ya tivi yanu mulibemo mu rimoti imeneyo, mwina kadiso ka tivi ndi kakufa. Kumbukirani rimoti yakale ija isanasowe, inkagwira bwinobwino muli pampando? Ngati inkagwira, kadiso kali bwino, vuto ndi rimoti. Mukaisinthitse, ndipo popita mujambule chikwangwani cha kumbuyo kwa tivi pamene pali Model No., ogulitsa amene amadziwa ntchito yawo amatha kukupezerani yofanana ndi yoyamba. Koma ngati yakale ija inali itayamba kale kuvuta, mumachita kuyandikira mpaka kukhudza tivi ngakhale mabatire ali atsopano, ndiye kugula rimoti ina n'kutaya ndalama. Imeneyo ndi ya wokonza mativi, kadisoko amasintha.

Tsopano za foni. Anawo akunena zoona, koma si foni iliyonse. Tivi ngati yanuyo, yopanda intaneti, imamva kuwala kuja kokha, ndiye foni iyenera kukhala ndi kababu kake kotumizira. Yang'anani m'mphepete mwa foni pamwamba penipeni. Mukaona kadontho kakuda konyezimira ngati galasi, ndi komweko. Kabowo kakang'ono ngati kobooledwa ndi singano si komweko ayi, kameneko ndi kolowera mawu. Mafoni ambiri a Redmi ndi Xiaomi ali nako, ena a Huawei alinso nako. Ma iPhone alibe onse, ndipo Samsung inali nako pa Galaxy S6 ya 2015 koma pa S7 inachotsa. Ngati m'nyumbamo muli wina wa Redmi, atsegule pulogalamu ya Mi Remote, adine chizindikiro cha +, asankhe TV, kenako dzina la tivi. Foniyo imaonetsa batani loyesera, amadina ataloza ku tivi, foniyo n'kumufunsa ngati tivi yayankha. Ikakana amapita pa lotsatira. Mukuona kuti ndi kufufuza komwe kuja, kungoti apa munthu amayenda pa liwiro lake, sangapitirire. Poyamba pamafunika bandulo pang'ono kuti itsitse nambalazo, ikasunga imagwira popanda intaneti.

Ndipo foni yotereyi ingakuthandizeni kudziwa za kadiso kaja musanalipire munthu. Tivi ikayankha foni ngakhale pa batani limodzi, ndiye kuti kadiso kali moyo.

Chimene ndikupemphani, anawo asamalize bandulo kutsitsa mapulogalamu olonjeza kuti foni iliyonse isanduka rimoti. Ngati kababu kaja palibe, palibe pulogalamu ingakaikepo, mungodzaza foni ndi zotsatsa malonda. Mapulogalamu enieni ogwira popanda kababu alipo, monga Google TV, SmartThings ya Samsung, LG ThinQ, koma amenewo ndi a mativi olowa pa intaneti, ndipo foni ndi tivi zimayenera kukhala pa wayifayi imodzi. Ya kwa azakhali ku Area 25 ija ingatheke choncho, yanuyi ayi. Komanso kwa ine, ngakhale foni itagwira, rimoti yeniyeni ikhalepobe, chifukwa mwini foni akachoka nayo, agogo atsala opanda choyatsira.

Dikodayo musaikhudze, rimoti yake ndi yake, matchanelo muzisinthira komweko monga mwa masiku onse. Ndiye yambani ndi kamera ija, kenako munditumizire zithunzi ziwiri, cha rimotiyo mabatani akuoneka bwino ndi cha kapepalako mbali zonse. Ndikaweruka madzulo ndikuimbirani, tivi ikhale yoyaka tidzachitire limodzi.