Mlandu usanaweruzidwe: ndalama iti ilowe m'mabuku, iti ingotchulidwa?

"Ndili ndi kampani yaing'ono yogulitsa ndi kuika zipangizo za sola ku Malangalanga. Chaka chatha tinaika pampu ya mthirira kwa mlimi wina ku Mitundu, inafa patangotha miyezi iwiri ndipo tomato wake anauma. Watisumira, akufuna K20 miliyoni: K7 miliyoni ya pampu ndi ntchito, K13 miliyoni ya mbewu. Mlandu sunaweruzidwe, koma akawuntanti wanga akuti tilembe K7 miliyoni ngati ngongole m'malipoti a pa 31 Disembala. Phindu langa litsika kuchoka pa K15 miliyoni kufika pa K8 miliyoni, pomwe malipotiwa ndikufuna kukapereka kubanki. Ndilemberenji ngongole imene khothi silinanene?" — Mayi wabizinesi, Lilongwe

Mayi, akawuntanti wanuyo musamukwiyire msanga. Mabuku a bizinesi sadikira chigamulo cha woweruza. Amafunsa kuti pa tsiku lotseka chaka, malinga ndi umboni umene ulipo, kodi kampani ili ndi udindo wolipira munthu wina? Ngati yankho likupendekera ku "inde", ndalamayo imalembedwa, ngakhale tsiku lolipira ndi kuchuluka kwake sizinadziwike bwinobwino. Ngongole yotereyi ndi imene akawuntanti amaitcha purovishoni.

Lamulo lake lili mu IAS 37, muyezo wa akawuntanti wa m'maiko ambiri umene unatuluka mu 1998, ndipo makampani ang'onoang'ono amene amatsatira IFRS for SMEs amalipeza m'gawo 21. Pa nkhani yanuyi miyezo iwiriyi ikunena zofanana. Purovishoni imalembedwa zinthu zitatu zikakumana: pali udindo umene ulipo kale chifukwa cha chinthu chimene chinachitika chaka chisanatsekedwe; mwayi woti mudzatulutsa ndalama ukuposa mwayi woti simudzatulutsa; ndipo mukhoza kuyerekeza ndalamayo modalirika. Chimodzi chikasowa, ngongoleyo silowa m'mawerengero. Imangofotokozedwa m'manotsi a kumapeto kwa malipoti, kapena nthawi zina sitchulidwa n'komwe.

Choyambacho anthu amachisokoneza. Chimene chinabala udindo si chisamani chimene munalandira, komanso si chigamulo chimene chikubwera. Ndi tsiku lija anyamata anu anaika pampu ku Mitundu pansi pa mgwirizano woti igwira ntchito. Zimenezo zinachitika chaka chatha, n'chifukwa chake mtengo wake uyenera kugwera pa phindu la chaka chatha, chaka chomwecho chimene munalemba K7 miliyoni ya mlimiyo ngati malonda. Mukausiya kuti udzagwere chaka chogamulidwa mlandu, chaka chatha chioneka chonenepa kuposa mmene chinalili, ndipo chaka chinacho chidzasenza katundu wa eni.

Koma mwina inu mukukana kuti munalakwa, mukuti mlimiyo ndiye anaiyendetsa pampu chitsime chitaphwa. Pamene udindo weniweniwo uli pa mkangano chonchi, muyezo ukuti muone umboni wonse, kuphatikizapo maganizo a akatswiri. Apa mawu a loya wanu ndiwo amalemera. Akawuntanti wosamala salemba purovishoni ya mlandu asanalandire kalata ya loya, ndipo ngati wanu sanaipemphe, muuzeni aipemphe sabata ino. Kalatayo isangoti "tikuyembekeza kupambana", monga amanenera maloya ambiri pofuna kukhazika mtima wa kasitomala pansi. Inene pa gawo lililonse la zimene mlimi akufuna: kodi n'zachidziwikire kuti tilipira, n'zotheka chabe, kapena n'zakutali?

Tiyerekeze kuti loya walemba motere. Pa pampu ndi ntchito, mgwirizano unali ndi walanti ya chaka chimodzi, pampu inafa mkati mwa miyezi iwiri, ndipo amene anaiyeza wapeza kuti vuto linali la mawaya amene munalumikiza inu. Loya akuti apa mwayi woluza ndi waukulu. Pa mbewu, mgwirizano womwewo unanena kuti kampani siidzalipira zotayika za m'munda, komanso mlimi anakhala milungu ingapo osakudziwitsani. Loya akuti khothi likhoza kumupatsabe kanthu, koma mwayi wake sufika theka.

Mukaona bwino, chisamani n'chimodzi koma mayankho ndi awiri. K7 miliyoni yakwanitsa zitatu zonse, choncho ilembedwa pawiri: ngati ndalama yowonongedwa imene ikudula phindu, komanso ngati ngongole pa balansi shiti, lipoti loonetsa chuma ndi ngongole za kampani. K13 miliyoni yagwa pa mayeso achiwiri. Imeneyi ndi ngongole ya mwinamwake, ndipo siikhudza phindu ngakhale ndi tambala imodzi. Ikalowa m'manotsi basi, mwachidule chonchi: kasitomala wina wasumira kampani pa mbewu zimene akuti zinawonongeka; akufuna K13 miliyoni; potsatira uphungu wa loya, atsogoleri a kampani akuona kuti mwayi wolipira ndi wochepa; zotsatira zidalira chigamulo cha khothi. Loya akanati gawo la mbewulo n'lopanda mutu, mwayi wake ndi wakutali zedi, simukanalitchula n'komwe. Ndikuganiza kuti umu ndi mmene akawuntanti wanu anafikira pa K7 miliyoni osati K20 miliyoni, ndipo ngati ndi choncho wagwira ntchito yake bwino.

Malire ake ndi theka. Mwayi ukangopitirira 50 pa 100, mwalowa mu purovishoni. Ena amaganiza kuti pamafunika kutsimikiza kotheratu, ayi. Ndipo musathawire ku mayeso achitatu ponena kuti "ndalamayo sitingaidziwe". Muyezo womwewo ukuti n'zosowa kwambiri kuti kampani ilephere kuyerekeza. Pa mlandu umodzi ngati wanu, poyambira pabwino ndi ndalama imene ikuoneka kuti ndiyo idzagamulidwe, kenako n'kuona ngati zotheka zinazo zikukokera m'mwamba kapena pansi. Simutenga ndalama imene wosumira walemba pa chisamani chifukwa choti wailemba, poti wosumira aliyense amayambira pamwamba ngati wogulitsa kaunjika.

Mwina mukuti, "Pampuyo ndinaigula kwa wogulitsa wamkulu, iyeyo adzandibwezera." Zikhoza kutero, koma musachotsere chiyembekezo chimenecho pa purovishoni. Ndalama yobwezeredwa, kaya ndi ya wogulitsa kaya ya inshulansi, imalembedwa payokha ngati chuma, ndipo pokhapokha zitatsimikizika pafupifupi kotheratu kuti mudzailandira mukalipira mlimiyo. Siyeneranso kuposa purovishoniyo. Lonjezo la pa foni silikwana. Kalata yovomera kulipira ndiyo imayandikira. Apa muyezo umakondera dala: ngongole imalowa mwayi ukangoposa theka, koma chuma chimadikira chitsimikizo.

Yang'aniraninso masiku a pakati pa 31 Disembala ndi tsiku limene mudzasaine malipoti. Tinene kuti mu Febuluwale mwagwirizana ndi mlimi kunja kwa khothi kuti mumupatsa K9 miliyoni nkhani yonse ithe, malipoti musanasaine. Mgwirizanowo ukuonetsa kukula kwa ngongole imene inalipo kale pa 31 Disembala, choncho purovishoni ya chaka chatha ikwera kufika pa K9 miliyoni, ndipo mawu a K13 miliyoni aja achoka m'manotsi. Mlandu ukapitirira, purovishoni imaunikidwanso chaka ndi chaka. Mukadzapambana, K7 miliyoni imabwezedwa n'kuonjezera phindu la chaka chimenecho. Loya akadzasintha maganizo pa mbewu, K13 miliyoni kapena gawo lake lidzachoka m'manotsi n'kulowa m'mawerengero. Ndipo purovishoniyi ndi ya mlandu wa ku Mitundu wokha, simungaigwiritse ntchito kukwirira zina.

Pali purovishoni ina imene simunaifunse koma ndikukayika ngati ili m'mabuku mwanu, ya walanti pa katundu yense amene mwagulitsa. Pa inveta imodzi, mwayi woti ibwerera ndi wochepa. Koma muyezo ukuti maudindo ofanana akachuluka muwaone monga gulu, ndipo pagulu n'zachidziwikire kuti zina zibwerera. Tiyerekeze kuti mainveta 200 akadali pa walanti, ndipo kaundula wanu wa zaka za m'mbuyo akuonetsa kuti 10 pa 100 alionse amafuna kukonza kwa K40,000, pamene 3 pa 100 amafuna kusinthidwa pa K500,000. Ndiye kuti 20 okonza ndi K800,000, 6 osintha ndi K3 miliyoni, zonse pamodzi K3.8 miliyoni. Manambalawa ndangopeka kuti muone njira. Anu enieni ali m'buku la katundu wobwezedwa, ngati mumalisunga. Ngakhale walantiyo isanalembedwe papepala, ngati makasitomala onse amadziwa kuti pa shopu panu mumasintha katundu wakufa, chizolowezicho chimabala udindo.

Mbali inayo musapitirirenso. Ndalama yokonzera galimoto ya kampani chaka chamawa, yopentera shopu, kapena yodzitetezera kuti mwina kwacha igwanso ndipo malonda adzavuta, si purovishoni. Palibe amene muli naye ngongole pa zimenezi lero, ndipo galimotoyo mukhoza kuigulitsa osaikonza. Funso loyesera nali: kodi ndingathe kuipewa ndalamayi posintha zochita zanga za m'tsogolo? Ngati mungathe, siilowa.

Tsopano za banki, pamene pagona nkhawa yanu. Purovishoni si ndalama yoikidwa padera mu akaunti. Ndi mzere wa m'mabuku, ndipo ndalama zanu zogwirira ntchito sizikhudzidwa mpaka tsiku lolipira. Wogwira ntchito ya ngongole kubanki amadziwa kusiyana kumeneku. Mukamupatsa malipoti a phindu la K8 miliyoni okhala ndi kufotokoza koti K7 miliyoni ndi ya mlandu umodzi wosabwerezabwereza, akhoza kuona yekha mphamvu yeniyeni ya bizinesi. Mukamupatsa a K15 miliyoni opanda mawu alionse a mlandu, n'kudzaumva kwina, nkhani imasanduka yoti munapereka malipoti osocheretsa pofuna ngongole, ndipo mapangano ambiri a ngongole amapatsa banki mphamvu yoitanitsa ndalama yake yonse pa chifukwa chotere. Ngati malipoti anu amaunikidwa ndi oditala, iyenso adzalembera loya wanu mwachindunji, ndiye kubisa sikupita patali.

Mukhoza kuda nkhawa kuti mlimiyo akaona K7 miliyoni m'malipoti aziti mwavomera kulakwa. Kulemba purovishoni si kuvomera mlandu, ndipo manotsi akhoza kunena poyera kuti kampani ikuutsutsa. Muyezo umalolanso, pa nthawi zosowa kwambiri pamene kuulula tsatanetsatane kungakuonongereni mlandu kwambiri, kuti mungofotokoza mtundu wa mkanganowo ndi chifukwa chimene simunanene zambiri. Chilolezochi n'cha mawu a m'manotsi okha, ndalamayo ilembedwabe. Loya aone mawuwo musanasaine.

Za msonkho mufunse padera. A MRA amawerengera phindu lokhometsa msonkho potsatira malamulo a msonkho, osati miyezo ya akawuntanti yokha, choncho musaganize kuti K7 miliyoni ikangolembedwa ndiye kuti msonkho wa chaka chatha watsika. Akawuntanti wanu akuonetseni pa fomu ya msonkho ngati ndalamayi yaloledwa pa chaka chathacho kapena yabwezedwa pa phindu kudikira chaka chimene mudzalipire.